Sikani yati chiwindi chili bwino, nanga mankhwala a hepataitisi B ndi a chiyani?

"Amuna anga, a zaka 38, anakapereka magazi chaka chatha ndipo anauzidwa kuti ali ndi hepataitisi B. Mwezi watha ayezetsanso, HBsAg ikadali pozitivu. Sadwala, ntchito akugwira bwinobwino, mowa amamwa pa wikendi pokha. Sikani yaonetsa kuti chiwindi chili bwino. Pa pepala la ku labu alemba ALT 52, AST 58, PLT 132. Adokotala akuti ayambe mankhwala, koma iwo akukana, ati munthu wosadwala samwa mapiritsi. Kodi chiwindi chingaonongeke munthu osamva kalikonse? Tili ku Chilenje."

Amayi, chingaonongeke ndithu, ndipo manambala atatu mwalembawo akundichititsa kugwirizana ndi adokotala. Mnofu wa mkati mwa chiwindi sumva kupweteka. Chimene chimapweteka ndi kakhungu kokuta kunja kwake, ndipo kamapweteka pokhapokha chiwindi chikatupa mwadzidzidzi. Komanso chiwindi ndi chachikulu, cholemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, moti gawo lotsala labwino limagwirabe ntchito yonse ngakhale gawo lalikulu litauma kale. Munthu amadya nsima yake, kukwera minibasi kupita ku ntchito, zaka makumi awiri kapena atatu osadziwa kanthu.

HBsAg, chizindikiro cha kachilombo ka hepataitisi B m'magazi, ikapezeka kawiri, patadutsa miyezi yoposa 6 pakati pake, ndiye kuti kachilomboka kanakhazikika m'thupi. Musayambe kufunsana m'nyumba kuti anakatenga kwa ndani. Munthu wamkulu akatenga kachilomboka, thupi limakachotsa lokha nthawi zambiri, ndipo osakwana 5 pa 100 ndi amene amatsala nako. Khanda likatenga pobadwa, 9 pa 10 alionse amakhala nako moyo wonse. Kuno kwathu ambiri amene ali nako anatenga ali ana, kwa mayi awo kapena kwa ana anzawo kudzera m'zilonda, malezala a mphini ndi zina zotero. Katemera wa hepataitisi B wa ana anayamba kuperekedwa m'Zambia mu 2005, amuna anu atakula kale. Tingoganiza kuti akhala nako zaka zoposa 30.

Chimene chimaononga chiwindi si kachilombo kwenikweni, ndi nkhondo imene chitetezo cha thupi chimamenya nako. Kachilombo kamalowa m'maselo a chiwindi n'kumachulukana mmenemo, chitetezo chikazindikira chimapha selo lonse. Selo likaphulika, zinthu za mkati mwake zimatayikira m'magazi, ndipo ALT ndi AST zimene ayeza ndi zina mwa zimenezo. Zikakwera, ndiye kuti maselo akufa panthawi imeneyo. Pamalo pamene maselo afa, chiwindi chimayesa kumeretsa atsopano, koma kutupa kukapitirira, maselo ena amene nthawi zonse amangosunga vitamini A amasintha ntchito n'kuyamba kuluka ulusi wolimba. Ndi mnofu womwe uja umene mumaona pa chipsera cha munthu amene anapsa ndi moto: wolimba, wokokana, wosatulutsa thukuta. Umatseka bala koma sugwira ntchito ya khungu.

Zipserazi zimakula mwa masitepe, ndipo madokotala amazilemba F0 mpaka F4. Pa F1 ulusi uli pongozungulira timitsempha tolowetsa magazi. Pa F2 wayamba kutambalala, pa F3 walumikiza mtsempha wina ndi unzake, ndipo pa F4 wazinga mnofu wabwino m'timabulumwa tating'onoting'ono, chiwindi chonse chauma. F4 imeneyi ndiyo silosisi. Sikani wamba, ija yopaka mafuta pamimba, imaona mawonekedwe a kunja: kukula kwa chiwindi, m'mphepete mwake ngati mwakakala, madzi m'mimba, chotupa. F1, F2 ndi F3 siiona, ndipo ngakhale silosisi yongoyamba imatha kuiphonya. Choncho mawu akuti "sikani ili bwino" akutanthauza kuti palibe chotupa chooneka ndiponso chiwindi sichinafote. Sakunena kuti mulibe zipsera.

Nambala imene ine ndayang'anitsitsa ndi PLT 132. Amenewo ndi mapulateleti, timaselo toundanitsa magazi, ndipo mwa munthu wabwinobwino timakhala pakati pa 150 ndi 400 kapena kupitirira pang'ono. Magazi onse ochokera m'matumbo ndi mu kapamba amadutsa m'chiwindi asanabwerere ku mtima. Chiwindi chikauma, magaziwo amavutika kudutsa, amabwerera m'mbuyo, kapamba amatupa n'kumasunga mapulateleti ambiri. Ndiye AST ikamakwera pamene mapulateleti akutsika, zimaloza ku zipsera. Pali kawerengedwe kotchedwa APRI kamene mungachite pa foni:

```
APRI = (AST / 40) x 100 / PLT
```

Nambala ya 40 ndi malire a pamwamba a AST amene ma labu ambiri amagwiritsa ntchito. Tiwerenge za amuna anu. 58 kugawa ndi 40 ndi 1.45. Kuchulukitsa ndi 100 ndi 145. Kugawa ndi 132 tikupeza 1.1. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a mu 2024 amati APRI ikaposa 0.5, zipsera zafika poti munthu ayambe mankhwala, ndipo ikaposa 1.0 tiganizire za silosisi. ALT nayonso yapitirira: malangizo omwewo amaika malire pa 30 kwa amuna ndi 19 kwa akazi, ngakhale pepala la ku labu nthawi zambiri limasonyeza 40 kapena 45 ngati malire, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amauzidwa kuti "yangokwera pang'ono".

Sindikunena kuti ali ndi silosisi. APRI imanamiza nthawi zina. Mowa wa Loweruka umakweza AST ya Lolemba. Malungo amatsitsa mapulateleti kwa masiku angapo. Likodzo la m'matumbo, limene anthu okulira m'mbali mwa mitsinje ndi nyanja amatenga, limaumitsa mitsempha ya chiwindi ndi kutupitsa kapamba popanda hepataitisi n'komwe, kotero ngati anakulira kumalo otero awauze adokotala. Choyenera ndi kuyezanso patapita milungu ingapo asanalawe mowa ndiponso alibe malungo, kenaka kufunsa ku kiliniki ya matenda a m'mimba ndi chiwindi ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka za makina oyeza kuuma kwa chiwindi, amene amalembedwa FibroScan. Amaika kachipangizo pakati pa nthiti za kumanja, mphindi zochepa zatha, ndipo apite asanadye kwa maola atatu chifukwa chakudya chimakweza nambala. Pa muyeso wa makinawa, kuposa 7 kPa ndi zipsera zofunika mankhwala, kuposa 12.5 kPa ndi silosisi. Ngati ndalama zilipo, ayezetsenso HBV DNA yosonyeza kuchuluka kwa kachilombo, koma kusowa kwa mayeso amenewa kusachedwetse mankhwala kwa munthu wa manambala awa.

Mankhwala ake ndi piritsi limodzi patsiku, nthawi zambiri tenofoviya wa mamiligalamu 300, kapena entekaviya wa 0.5 kwa amene impso zawo zili zofooka. Asanayambe payezedwe zinthu ziwiri. Choyamba ndi HIV, chifukwa tenofoviya alinso m'ma ARV, ndipo munthu wa HIV akamwa tenofoviya yekha, HIV imazolowera mankhwalawo. Akapezeka nayo, piritsi la ma ARV lotchedwa TLD limagwira matenda onse awiri. Chachiwiri ndi impso, ndipo aziyezanso chaka ndi chaka. Apa ndichenjezeretu: botolo limafanana ndi la ma ARV, nthawi zina limatengedwa pa windo lomwelo, ndipo amuna ambiri amasiya mankhwala chifukwa cha maso a anthu. Mukambirane zimenezi asanayambe, chifukwa kusiya pakati n'koopsa kwambiri. Mankhwala amaletsa kachilombo kuchulukana koma sachotsa mbewu yake imene imabisala mkatikati mwa maselo. Munthu akasiya, kachilombo kamabwerera mwamphamvu, chitetezo chimaukira nthawi imodzi, ALT imatha kufika m'mazana ngakhale masauzande, ndipo chiwindi cha zipsera kale chimatha kulephereratu. Wa silosisi amamwa moyo wonse. Akamapita ulendo wa kumudzi kapena ku maliro, botolo likhale m'chikwama.

Chimene chingawakope amuna anu n'chakuti zipsera zimabwerera m'mbuyo kutupa kukaleka. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2013, anthu 96 amene anali ndi silosisi anamwa tenofoviya zaka zisanu, ndipo atayezedwanso kanyama ka chiwindi, 71 anapezeka kuti silosisi ija palibenso. Mwayi umenewu ndi wa amene ayamba akadali amphamvu. Mimba ikadzadza madzi, maso akachita chikasu, mankhwala amathandizabe koma chiwindi sichibwerera mwakale.

Za mowa wa pa wikendi, yankho ndi kulekeratu, kaya ndi wa m'botolo, chibuku kapena kachasu, chifukwa mowa umadzutsa maselo omwe aja oluka ulusi. Nshawa ndi chimanga zochita nkhungu zili ndi poizoni wotchedwa afulatokisini, amene akakumana ndi hepataitisi B amakweza kwambiri mpata wa khansa ya chiwindi. Nshawa zofota, zakuda kapena zowawa muzitaya, musazisinje n'kuthira m'ndiwo poganiza kuti moto upha poizoniyo, chifukwa kuphika sikuichotsa. Mankhwala a zitsamba ndi mabotolo aja ogulitsidwa m'tauni akuti amatsuka chiwindi sachotsa kachilomboka, ndipo ena amatupitsa chiwindi. Mutu ukawawa, panado ndiye wabwinoko, osaposa magalamu 2 patsiku ngati silosisi yatsimikizika, ndiko kuti mapiritsi anayi a 500. Bulufeni ndi daikolofenaki azipewe, amavulaza impso ndi kuyambitsa kutaya magazi m'mimba.

Sikani ija musaitaye, ili ndi ntchito yake. Ngati apezeka ndi silosisi, kapena ngati kubanja kwawo wina anadwalapo khansa ya chiwindi, azichita sikani miyezi 6 iliyonse, ngakhale mankhwala akugwira bwino, popeza chotupa chochepera masentimita 2 kapena 3 chimatha kuchizika pamene chachikulu nthawi zambiri sichitheka. Ndipo zinthu izi zikachitika musadikire tsiku la kiliniki: kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii chonunkha kwambiri, mimba kufufuma pamodzi ndi kutentha thupi, kapena kusokonezeka mutu, kugona usana n'kumakhala maso usiku. Kusanza magazi kumachokera m'mitsempha ya kummero imene yafufuma ndi magazi olephera kudutsa m'chiwindi, ndipo ikaphulika munthu amataya magazi ambiri m'maola ochepa.

Inuyo, Amayi, mukayezetse HBsAg pamodzi ndi ana onse, ngakhale amene anabayidwa katemera ku sikelo. Ngati mulibe kachilombo ndipo simunatetezedwe, mubayitse katemera katatu: lero, pakatha mwezi umodzi, ndi pakatha miyezi 6. Mpaka mutamaliza, gwiritsani ntchito makondomu, ndipo lezala, makina ometera ndi mswachi wa abambo zikhale zawo okha. Mbale, makapu ndi bafa mungagwiritse ntchito limodzi popanda vuto. Apongozi anu aakazi ndi abale a amuna anu a mimba imodzi nawonso auzidwe kuti akayezetse.