Mwana akusanza chilichonse: pitani kuchipatala, ndipo musabise za masambawo

"Alamu, mwana uja wa zaka 2 anayamba kutentha thupi Lolemba, ndipo agogo ake akhala akumumwetsa madzi a masamba owiritsa. Lero Lachitatu akusanza chilichonse ndipo akungogona. Tidikire kaye kuti mankhwalawa agwire ntchito, kapena tipite kuchipatala? Nanga anamwino tikawauze za masambawo? Ndikuopa kukalipiridwa."

Alamu anga, uthenga wanu ndaumva, ndipo ndikupempheni kuti muyambe kukonzeka ulendo pamene mukumvera mawu angawa. Musadikirenso, ndipo musamupatsenso madzi a masamba aja ngakhale supuni imodzi. Pali zizindikiro zinayi zimene azaumoyo amaziona kuti ndi zoopsa mwa mwana wosakwana zaka 5: kulephera kumwa kapena kuyamwa, kusanza chilichonse chimene wamwa, kukomoka, ndi kulefuka kwambiri moti akuvuta kudzutsa. Chimodzi chokha chikukwanira kuti munthu athamangire kuchipatala, koma inu mwatchula ziwiri.

Agogo ake sanalakwe dala, iwo achita zimene akudziwa chifukwa cha chikondi, ndiye muwalankhule mwaulemu ndipo ngati n'kotheka mupite nawo limodzi. Vuto ndi lakuti kutentha thupi kumangosonyeza kuti mwana akudwala, osatiuza kuti akudwala chiyani. Akhoza kukhala malungo, chibayo kapena matenda oumitsa khosi, ndipo onsewa ali ndi mankhwala osiyana. Kunyumba simungawasiyanitse, pamene kuchipatala amabaya chala, kutenga kadontho ka magazi, ndipo pakapita mphindi 15 kapena 20 amadziwa ngati ali malungo. Komanso mwana amene akusanza chilichonse sangathandizidwe ndi mankhwala akumwa, kaya azitsamba kaya mapiritsi, poti sakhala m'mimba. Malungo akafika pamenepo amafuna jakisoni wa atesuneti, ndipo mwina diripi ngati madzi atha m'thupi.

Pamene mukudikira choyendera, mumuvule malaya ndi kuwerenga kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu ali chete. Pa msinkhu wakewu, kupuma maulendo 40 kapena kuposerapo ndiye kuti akupuma mofulumira. Muonenso ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati akamakoka mpweya, ndiponso ngati zikhatho zake zayera. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, muyamwitseni kapena mumupatse madzi pang'onopang'ono, koma ngati sakudzuka bwino musamuthire kanthu m'kamwa, chifukwa kangalowere kumapapo. Akakomoka panjira, mumugoneke chammbali ndipo musaike chala kapena supuni m'kamwa mwake.

Mukafika musakhale pamzere. Pitani kwa wogwira ntchito aliyense amene mwamuona ndi kunena kuti, "Mwanayu akusanza chilichonse ndipo sakudzuka bwinobwino." Mawu amenewa amachititsa kuti mwana aonedwe msanga.

Tsopano za masamba aja. Muwauze anamwino zonse, ngakhale atakwinya nkhope, popeza kukalipiridwa kumatha pa mphindi imodzi, koma kubisa kungawasocheretse. Iwo ayenera kudziwa ngati kusanza ndi kugonaku kukuchokera ku matenda okha kapena mankhwalawo awonjezerapo, pakuti zitsamba zina zimanyerenyetsa m'mimba, zina zimagonetsa, ndipo zina zimalemetsa chiwindi ndi impso, zomwe mwa mwana wamng'ono sizichedwa kutopa. Kunena kuti "anamwa mankhwala achikuda" sikokwanira. Munene motere: "Anayamba kutentha thupi Lolemba madzulo. Kuyambira Lachiwiri m'mawa takhala tikumupatsa madzi a masamba a mtengo wakutiwakuti, owiritsa, theka la kapu katatu patsiku, ndipo komaliza wamwa lero cha m'ma 7 koloko." Musinthe mawuwa agwirizane ndi zimene zinachitikadi, ndipo mufunse agogo ake ngati anasakaniza ndi mizu kapena makungwa, ngati anam'fukiza, kum'temera mphini, kapena kumuika mankhwala kumbuyo, poti zimenezi anthu amaziiwala kapena amachita nazo manyazi. Ngati dzina la mtengowo simukulidziwa, tengani masamba angapo ndi madzi otsalawo m'botolo.

Mutchulenso panado kapena mapiritsi ena alionse amene wamwa, kuchuluka kwake ndi nthawi yake. Panado amatsitsa kutentha kwa maola angapo, choncho mwana akhoza kufika thupi lili lozizira, anamwino n'kuganiza kuti zinthu zili bwino, komanso angam'patse wina nthawi isanakwane. Akufunsaninso kuti wasanza kangati, wakodza liti komaliza, mkodzo wake ndi wamtundu wanji, ndiponso ngati akutsegula m'mimba, ndiye muyambe kukumbukira muli panjira. Buku lake la kuchipatala musalisiye, muli kulemera kwake ndi katemera amene analandira.

Mukangoonana ndi anamwino munditumizire uthenga, foni yanga ndili nayo m'manja.