Khonde loyang'ana kumpoto ndi dzuwa la ku Lilongwe

"Akuluakulu ndithandizeni. Ndajambula nyumba ya zipinda zitatu mu SketchUp, ikamangidwa ku Lilongwe, khonde lake layang'ana kumpoto. Lachisanu ndikukaonetsa eni ake, koma chithunzi chikuoneka ngati cha zidole. Mithunzi siikukhutiritsa, anthu ali ngati akuyandama, njerwa ngati zomata. V-Ray ndilibe, ndipo laputopu yanga ndi yofooka. Nditani?"

Achemwali, laputopu yanuyo ikwanira. Musanakhudze njerwa kapena munthu aliyense, yambani mwaiuza SketchUp komwe nyumbayo ikamangidwe. Mukapanda kutero imayesa kuti muli ku Boulder, ku Colorado, komwe pulogalamuyi inabadwira, pafupifupi madigiri 40 kumpoto kwa ikweta. Kumeneko dzuwa la masana limakhala kummwera chaka chonse, ndiye khonde lanu loyang'ana kumpoto likhala mumthunzi masana mwezi uliwonse umene mungasankhe. N'chifukwa chake kumaso kwa nyumba kukuoneka kozizira, kopanda moyo.

Pitani ku Window > Model Info > Geo-location, musankhe Set Manual Location. Pa Latitude lembani 13.96S, pa Longitude 33.79E, kenako pa Shadows muonetsetse kuti pali UTC+02:00. Mzere wobiriwira wosadukiza uja ndiwo umaloza kumpoto. Tengani pulani ya puloti, mutembenuze nyumba yonse mpaka khonde liyang'ane kumene likayang'ane pamalopo.

Tsopano ikani deti pa 21 Juni, nthawi ya 12 koloko masana. Tsiku limeneli ku Lilongwe dzuwa limakhala kumpoto, litakwera madigiri pafupifupi 53, moti chinthu chotalika mamita 3 chimaponya mthunzi wa mamita 2.3 kulowera kummwera. Tinene kuti mphepete mwa denga la khonde lanu muli mamita 3 kuchokera pansi, ndipo khondelo ndi lalikulu mamita 1.8 kuchokera kukhoma kufika kumphepeteko. Dzuwa lidutsa pansi pa denga, liwala pasimenti ponse, n'kukwera khoma masentimita oposa 60. Mukaona mzere wa mthunzi uli pamenepo, dziwani kuti mwatchera bwino. Mukasuntha deti kufika mu Disembala, dzuwa lipita kummwera ndipo khonde lonse likhala mumthunzi. Kumapeto kwa Okutobala, nthawi yotentha ija, masana limakhala paliwombo penipeni. Ine ndimapita ndi zithunzi ziwiri, cha Juni ndi cha Okutobala, chifukwa mwini nyumba amafuna kudziwa ngati adzaothere dzuwa pakhonde nthawi yozizira n'kubisalapo nthawi yotentha. Mthunzi wa ku Boulder ukanamulonjeza khonde lomwe sadzalipeza.

Masanawo ndi oyesera chabe. Pa chithunzi chokaonetsa, bwezani nthawi ifike cha m'ma 9 koloko mmawa kapena 3 koloko madzulo, kuti khoma lina liwale, lina lide, zipilala ziponye mithunzi yopendekera pansi. Kusiyana kwa makoma awiriwo ndiko kumapatsa nyumba thupi. Dark ya pa Shadows mukaitsitsa kwambiri, mumthunzi mumada bii, chitseko ndi mazenera osaonekanso. Ikwezeni mpaka njerwa za pansi pa denga zizioneka. Chinanso chomwe chimasokoneza ambiri: chinthu chomwe Opacity yake ili pansi pa 70 sichiponya mthunzi. Kwa galasi la zenera zili bwino, koma ngati mwaika denga la pulasitiki loonekera pamalo oimika galimoto, pansi pake pawala ngati palibe kanthu.

Za anthu oyandama, nthawi zambiri vuto si anthuwo koma pomwe diso laima. Ambiri timazunguliza nyumba ndi Orbit n'kusiyira m'mwamba ngati mbalame, pomwe mwini nyumba sadzaiona choncho. Tengani Position Camera, dinani pabwalo pomwe mlendo angaime akangolowa pageti. Diso likhala pa mamita 1.68. Kenako sankhani Camera > Two-Point Perspective kuti makoma aimirire chilili osapendekera mkati. Zikatero, pamalo athyathyathya mitu ya akuluakulu onse oimirira iyenera kukhala pafupifupi pamzere umodzi, wapafupi ndi wakutali yemwe. Chosiyana ndi pomwe mapazi aponda. Mukaona wina mutu wake wapitirira kwambiri anzake, ndiye kuti ndi wamtali mopyola kapena mapazi ake sanafike pansi. Muyezeni ndi Tape Measure, mumugwire ndi Move pachidendene penipeni, mumutsitse mpaka pawoneke On Face.

Anthu a mbali imodzi aja, otembenuka okha kuyang'ana kamera, ndi opepuka ndipo akuyenerani. Pokonza wanu muchonge Always face camera ndi Shadows face sun. Mukaiwala chachiwirichi, mthunzi wake uzisintha inu mukamazungulira, nthawi zina n'kusanduka kamzere. Ngati munthuyo ndi chithunzi cha PNG, SketchUp iponya mthunzi wa bokosi lonse la makona anayi, osati wa thupi lake. Muyenera kutsata m'mbali mwa thupi ndi Line n'kufufuta zotsalazo, ntchito ya mphindi zochepa.

Apa ndinene zakukhosi. Nthawi ina ndinadzaza bwalo la nyumba ndi anthu a mu 3D Warehouse, nkhokwe ya SketchUp ya zinthu zojambulidwa kale, ovala majekete a chisanu, wina akukoka galu pachingwe. Mayi mwini nyumba anayang'anitsitsa n'kufunsa kuti alendowa ndi ndani pakhomo pawo, ndipo kukambirana za denga kunathera pomwepo. Kuyambira apo ndimaika atatu basi: wina atakhala pakhonde, wina akulowa pachitseko, mwana pabwalo, ndipo ndimawapaka mtundu umodzi wotuwa. Ntchito yawo ndi kuonetsa kukula kwa khomo ndi kutalika kwa denga.

Njerwa zooneka zomata zimachokera pa kukula kolakwika. Werengani mizere. Njerwa yootcha pamodzi ndi matope ake imatenga mamilimita pafupifupi 85, ndiye pambali pa chitseko cha mamita 2.1 payenera kukhala mizere 24 kapena 25. Ngati ndi mabuloko a simenti a mamilimita 200, mizere ndi 10 ndi theka. Mukawerenga n'kupeza 12 pakhoma la njerwa, diso la kasitomala liona nyumba ngati kachidole ngakhale iye sangathe kunena chifukwa. Konzani pa Materials > Edit: ngati chithunzi cha njerwacho chili ndi mizere 10, lembani msinkhu wa mamilimita 850. Malata a IBR nawonso, mizere yake itsike kuchokera pamwamba pa denga kupita kumphepete. Ikagona chopingasa, dinani kumanja, Texture > Position, muitembenuze. Mitundu muizimitseko pang'ono, chifukwa njerwa zathu si zofiira psuu, ndipo kapinga wa mu Juni sakhala wobiriwira ngati wa mu Januwale. Pomwe khoma lakumana ndi dothi ikani kasitepe ka simenti kozungulira nyumba. Kamthunzi kake kakang'ono kamachititsa nyumba kuoneka kuti yakhaladi pansi.

Mukakhutira, sungani ngati Scene nthawi yomweyo, chifukwa mukangokhudza Orbit makoma ayambiranso kupendekera. Scene imasunga kamera, deti ndi nthawi, ndiye pangani ya Juni ndi ya Okutobala kuchokera pamalo amodzimodzi. Potulutsa, File > Export > 2D Graphic, pa Options chotsani Use view size, mulembe mapikiselo 3500 pa Width, zomwe zikwanira pepala la A4 logona. Lisindikizeni Lachinayi muone papepala, chifukwa pulinta imadetsa mithunzi kuposa momwe imaonekera pa laputopu.