M'malo mwa "love" ndilembe chiyani pansi pa chithunzi cha amayi?

"Zikomo, ndili ndi funso. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ndikufuna kuika pa Facebook chithunzi chomwe tinajambulitsa ndi amayi kumudzi ku Ntcheu, tikusenda kachewere pakhonde. Chaka chilichonse ndimangolemba 'I love you Mum' mpaka mawuwa andikwana. Mnzanga akuti ndiyese adore, cherish kapena treasure. Ndalemba kuti 'I will forever cherish the memories, Mum' koma sindinatumize. Kodi mawu atatuwa ndi amodzi? Ndisankhe liti?"

Achemwali, mwachita bwino osatumiza. Chiganizo chimenecho chilibe cholakwika pa galamala, koma chikanakuitanirani mauthenga opepesa maliro amayi ali moyo. Tiyambire pomwepo, chifukwa ngozi yaikulu ili pa liwu la "cherish".

Liwuli linalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa, kumene "cher" ndi chinthu chokondedwa komanso chokwera mtengo. Tanthauzo lake ndi kugwira chinthu mosamala chifukwa ukudziwa kuti chingathe kukupulumuka m'manja. N'chifukwa chake limamveka pa ukwati. M'malumbiro a ukwati a mpingo wa Angilikani, kuyambira m'buku lawo la mapemphero la 1549, mkwati amalonjeza "to love and to cherish". Onani kuti mawu awiriwo anawaika moyandikana. Akanakhala amodzi sakanawatchula onse. Loyamba likunena zamumtima, lachiwiri likunena zimene manja adzachite: kusamala, kufunditsa, kudwazika.

Pa munthu wamoyo, ndiye, liwuli ndi labwino kwambiri. Vuto limabwera ndi anzake amene mwaliyendetsa nawo. Mwaika "will", kusonyeza zam'tsogolo. Mwaika "forever". Kenako mwaika "the memories". Mawu atatuwa akakumana ndi "cherish", wowerenga amamva chilankhulo cha pamwala wa pamanda ndi cha mapepala a mwambo wa maliro, chifukwa kumeneko n'kumene amakumana kawirikawiri. Chiganizocho chikunena kuti munthu wapita, zatsala ndi zikumbutso. Tsono ganizirani msuweni wanu ali ku Joni, watopa ndi ntchito, akuyendetsa chala pafoni mwachangu. Waona nkhope ya azakhali ake, waona "forever" ndi "memories". Sawerenganso kachiwiri ayi. Alemba "RIP" ndipo ena asanu amutsatira, foni ya amayi n'kuyamba kulira usiku.

Kukonza kwake n'kosavuta. Chotsani zam'tsogolo, chotsani zikumbutso, ikanipo chinthu chimene chikuchitikabe. Mwachitsanzo: "I cherish every afternoon on this veranda with you, Mum." Apa "every afternoon" akusonyeza kuti masana oterewa adakalipo ndipo ena akubwera. Khonde lija lalowanso m'mawu, choncho chithunzi ndi chiganizo zikugwirizana. Ine ndimayesa chonchi: phimbani chithunzi ndi dzanja, werengani mawu okha, dzifunseni ngati munthu wosakudziwani angadziwe kuti wotchulidwayo ali moyo. Mukakayika ngakhale pang'ono, lembaninso.

Pali kanthu kena pa "cherish" komwe ambiri amapunthwapo. Liwu la "love" ndi lofatsa, limalola chilichonse kubwera pambuyo pake. Mungathe kulemba "I love to cook" kapena "I love cooking", zonse zili bwino. Koma "cherish" amafuna dzina la chinthu kapena la munthu. "I cherish to sit with you" n'cholakwika, ndipo aliyense wozolowera Chingerezi amva kuti chapindika. Lembani "I cherish our time together". Komanso silikhala bwino pa zinthu zodya kapena zongogula. Munthu sanena "I cherish these chips". Tchipisi timazidya n'kutha, sitizisamala.

Tsopano "adore". Gwero lake ndi Chilatini, "adorare", kupemphera kwa wina kapena kupembedza. Akatolika amalidziwa bwino liwuli, chifukwa mapemphero opembedza Yesu mu Ukaristia m'Chingerezi amawatcha "adoration". Masiku ano linapepuka ndithu, moti anthu amanena "I adore this dress" popanda kuganiza za guwa. Koma kafungo kakale kadakalipo: wonena "adore" akuyang'ana m'mwamba, maso ali mbee, akusirira. Ngati "cherish" ndi wogwira ndi manja, "adore" ndi woyang'ana ndi maso. Pa chithunzi chanu likhoza kukhala bwino kwambiri, makamaka ngati amayi akuseka: "I adore this woman." Ndi lalifupi, ndi lachisangalalo, ndipo palibe angaganize za maliro. Mukhozanso kutchula chimene mukusiriracho: "I adore the way she laughs with her whole face." Pambuyo pake limalola mneni wothera ndi "-ing", ngati "I adore watching her cook", koma "I adore to watch" salembedwa kawirikawiri ndipo amamveka mwachilendo, ndiye mupeweni.

Chenjezo langa pa liwuli lili pawiri. Mukalilozetsa kwa munthu mwachindunji, "I adore you", limatentha kuposa "love". Kwa amayi, kwa mwana wanu, kwa amuna anu, palibe vuto. Koma pansi pa chithunzi cha mnzanu wakuntchito, kapena cha mwamuna wa mwini, anthu awerenga zina, ndipo mukudziwa mmene nkhani zimathamangira m'magulu a WhatsApp. Chachiwiri ndi mphwake wa liwuli, "adorable". Ambiri amaganiza kuti popeza "adore" ndi waulemu, "adorable" ndi waulemunso. Ayi. Liwu limenelo limanenedwa kwa khanda, kwa kamwana ka mphaka, kwa kansapato kakang'ono. Azungu ena amalinena kwa agogo awo mwachikondi, koma kwathu kuno mayi amene anakulipirirani sukulu ndi ndalama za kachewere simungawaike m'gulu limodzi ndi tiana. Wina wodziwa Chingerezi bwino pakati pa abale aona ngati mwawachepetsa.

"Treasure" ndi chuma basi. Liwuli linayambira ku Chigiriki, "thesauros", mosungira zinthu zamtengo wapatali. (Buku la mawu ofanana matanthauzo lija, "thesaurus", dzina lake linachokera komweko.) Monga mneni, limatanthauza kusunga chinthu ngati chuma, choncho limakonda zinthu zimene mungazisunge ndithu: mphatso, kalata, malangizo, chithunzi chenichenicho. Ngati amayi anakupatsani chitenje tsiku limene munkachoka pakhomo kupita kutauni, ndipo chidakali pansi pa sutikesi chopindidwa bwino, liwu lake ndi limeneli: "I still treasure the chitenje you gave me the day I left home." Chiganizo chotere chimagwira mtima kuposa mawu aakulu, chifukwa amayi achikumbukira chitenjecho, ndipo aliyense amene anachokapo pakhomo ali ndi chakechake.

Koma nalonso lili ndi ngozi ija. "I will always treasure this photo" akumveka ngati chithunzicho n'chomaliza. Njira yotetezeka ndi kuligwiritsa ntchito ngati dzina: "This woman is a treasure", kapena "Our family's treasure". Pamenepo mwanena kuti amayi ndiwo chuma cha banja, ndipo "is" akuchitira umboni kuti alipo.

Chimene ndingakupempheni ndi kusawaunjika. Ndimaona zolemba ngati "I love, adore, cherish and treasure you", ndipo ndimamvetsa mtima wa wolembayo, akufuna kuti chikondi chioneke kukula kwake. Koma mawu anayi akatsatizana chonchi amaphana mphamvu, ngati ndiwo zothira mchere kanayi. Wowerenga amaona kuti munthu watsegula buku la mawu, saonanso amayi. Palinso chifukwa china chogwirika. Pa Instagram mungathe kulemba zilembo zokwana 2,200, koma zooneka munthu asanadine "more" ndi pafupifupi 125 zokha, ndipo Facebook nayo imadula zolemba zazitali n'kuika "See more". Mzere woyamba ndiwo anthu ambiri awerenge. Mukaudzaza ndi aneni anayi, khonde ndi kachewere zija zigwera kuseri komwe ochepa okha amafika.

Ndiye pa chithunzi chanucho ndingasankhe chiyani? Ndikanakhala ine ndikanatenga "cherish", ndi chiganizo cha masana apakhonde chija. Chifukwa chake n'chakuti chithunzicho sichikuonetsa amayi atatchena kuti tiwasirire, chikuonetsa anthu awiri akugwira ntchito imodzi, mipeni m'manja, beseni pakati. Chamtengo wapatali pamenepo ndi nthawi imene mwakhala limodzi, ndipo nthawi ndi chinthu chimene "cherish" amachigwira bwino kuposa anzake awiri aja. Chikanakhala chithunzi cha amayi okha atavala za kutchalitchi, ndikanati "adore". Chikanakhala cha mphatso yawo, "treasure".

Komabe funsani kaye kuti mawuwa akupita kwa yani. Ngati amayi sawerenga Chingerezi, ndipo mdzukulu ndi amene adzawaonetse foni n'kuwamasulira, kusiyana konse taonaku kutayika panjira. Mwanayo angoti, "Akuti amakukondani." Zikatero onjezani mzere wachiwiri m'chinenero chawo, ndipo musamasulire Chingerezi chija liwu ndi liwu. Lembani zimene mukanawauza mutakhala nawo pamkeka: "Amayi, ndimakunyadirani." Kapena, "Anakubala, inu ndinu chuma chathu." Kapenanso, "Zikomo potilera, Mulungu akusungeni." Kunyadira kuli ndi ulemu umene mwana amapereka kwa kholo, ndipo ndikuona kuti pa mawu atatu a mnzanu aja palibe limene likufikapo ndendende. Mizere iwiri, wina wa anzanu a pa Facebook, wina wa mwini tsikulo, si kuchulutsa ayi.

Poti tsikulo mwina muikanso zithunzi za ena amene anakulerani, apongozi, aphunzitsi akale, amayi a kumpingo, dziwani kuti kwa iwo mawu atatuwa akhoza kupyola muyezo. Kwa apongozi "I appreciate you" kapena "Grateful for you" ndi okwanira ndipo ali ndi ulemu wake. Kwa aphunzitsi, "admire" ndi woyenera kuposa "adore", chifukwa amanena za kulemekeza ntchito ndi khalidwe la munthu popanda kutentha kuja: "I admire your patience, Madam." Ngati pali amene anatisiya, agogo kapena azakhali, ndipo mukufuna kuwakumbukira tsiku lomwelo, chiganizo chanu choyamba chija musachifufute. Chisungireni iwowo, musinthe dzina lakumapeto lokha, ndipo chithunzi chawo muchiike pachokha, osati pamodzi ndi cha amayi.