HDMI yakana pa laputopu ya mphwanga

"Amalume, ndalumikiza sikilini ina pa HDMI ya laputopu yanga ya Ubuntu koma ikungolemba No Signal. Chingwe ndasintha. Mkatimu muli Intel ndi NVIDIA. Kodi polowetsera pafa?"

Eya mphwanga, ndamva. Usathamangire kokonzetsa, ineyo ndikukayika kuti pafa. Undimvetsere bwino, zoti utaipe ndikulembera pansi pa uthengawu.

Laputopu yakoyo ili ndi makhadi awiri ojambula zithunzi. Ya Intel ndi yaing'ono, siidya batire kwambiri, ndipo ndi imene imayendetsa sikilini ya laputopu yeniyeniyo. Ya NVIDIA ndi yamphamvuyo. Tsono pa malaputopu ambiri otere, makamaka amagemu, mawaya a HDMI anawalumikiza ku NVIDIA basi, pabolodi penipeni, moti palibe pulogalamu imene ingawasamutsire ku Intel. Ndiye NVIDIA ikazima, HDMI nayonso yazima, ngakhale usinthe zingwe khumi.

Nanga yazimitsa ndani? Ndikuganiza ndiwe wemwe. Paja unkadandaula kuti batire ikutha msanga, si choncho? Anthu ambiri zikatero amasankha kuti makina aziyendera Intel yokha, kenako n'kuiwala. Tsegula teminolo ulembe ichi:

```
prime-select query
```

Ikuyankha liwu limodzi: intel, nvidia kapena on-demand. Ikati intel, wakuba tamugwira. Lemba ichi, uike pasiwedi yako:

```
sudo prime-select nvidia
```

Ukatero uzimitse laputopu n'kuiyatsanso, chingwe chili cholumikiza. Usangotseka chivindikiro n'kutsegula ayi, iyambirenso. Ikadzuka, sikilini yachiwiri ija iyenera kuyaka. Kuti utsimikize kuti ikujambula ndi khadi yaikuluyo, lemba:

```
glxinfo | grep "OpenGL renderer"
```

Uone dzina la NVIDIA pamzere umene utulukewo. Ikakuuza kuti glxinfo palibe, uike kaye mesa-utils.

Tsono ndikudziwa undifunsa za on-demand, chifukwa ikumveka ngati yabwino, yoti khadi yaikulu izidzuka ikafunika. Imagwira ndithu, kuyambira dilaiva ya NVIDIA ya 450 kupita mtsogolo. Koma taona mmene imagwirira. Chithunzi chimajambulidwa ndi Intel, kenako chimakopedwa kupita ku NVIDIA, ndiye NVIDIA n'kuchitulutsira pa HDMI. Khadi yamphamvu ija yangokhala wonyamula katundu wa mnzake. Pamakina ena sudzaona kusiyana, koma pa ena ukamakoka windo pasikilini yakunjayo imachita ngati ikudumphadumpha, kamuvi ka mausi n'kumatsalira m'mbuyo. Ukaona zimenezo usanamizire chingwe kapena sikilini, ndi kukopa kuja. N'chifukwa chake ineyo, ngati tsiku lonse umakhala patebulo chaja ili pamoto, ndikuti sankha nvidia. Chimene utaye n'chakuti batire izitha msanga, fani izilira pafupipafupi, laputopu izifunda. Tsiku limene ukuyenda nayo popanda sikilini ina, ubwezere ku on-demand, ndi lamulo lomwe lija la sudo prime-select nvidia kungosintha liwu lomaliza.

Aa, komanso pali china. Mwina wasankha nvidia, wayatsanso, koma kukadali bii. Pamenepo lemba nvidia-smi. Ikatulutsa tebulo lokhala ndi dzina la khadi, kutentha kwake ndi nambala ya dilaiva, ndiye kuti khadi ili maso. Koma ikalemba kuti "NVIDIA-SMI has failed because it couldn't communicate with the NVIDIA driver", dilaiva sinalowe. Zifukwa zake nthawi zambiri ndi ziwiri. China, dilaivayo sinaikidwe bwino, ndipo apo lemba:

```
sudo ubuntu-drivers install
```

Chinacho ndi Secure Boot, imene imakaniza dilaiva yosasainidwa kulowa. Lamulo loti mokutil --sb-state likuuza ngati ili yoyatsa. Apa anthu amagwa chonchi: poika dilaiva, makina amakupempha kuti upange pasiwedi, ndiye poyatsanso pamabwera sikilini yabuluu yokhala ndi mawu oti Enroll MOK. Munthu amachita mantha, amadina Continue boot, basi kiyi yosainira dilaiva sinalembetsedwe, dilaiva yatsala panja. Ukaiona sikilini yabuluuyo sankha Enroll MOK, uvomere, uike pasiwedi unapanga ija.

Zonsezi zikakanika, ulowe mu BIOS uone pamene pakukamba za zithunzi. Pakakhala kuti pasankhidwa UMA kapena Integrated, khadi yaikulu yazimitsidwa Ubuntu asanadzuke n'komwe. Usinthe kukhala Hybrid kapena Switchable, malinga ndi mmene alembera pamakina akowo. Zina zam'menemo usakhudze, chonde.

Yamba ndi prime-select query ija, undijambulire zimene yayankha unditumizire pompano, ndili pafoni.