Mayi wofedwa m'nkhani yanu asalire msanga

"Ndikulemba nkhani ya mayi wa ku Mbare, mumzinda wa Harare, amene amuna ake, atelala, amwalira. Ndaika 'anali ndi chisoni chachikulu' kanayi konse koma sizikugwira mtima. Nditani?"

Achemwali, fufutani chiganizocho paliponse, m'malo mwake mum'patse mayiyo ntchito imene malemu anaisiya pakati. Tinene kuti pamakina patsala buluku la mwini wake, mwendo umodzi wosapinda. Mwiniwakeyo akubwera kudzatenga, mayi akuti, "Mubwere Lachisanu," chonsecho sadziwa n'kulowetsa ulusi komwe. Lachisanu likafika akunenanso zomwezo. Wowerenga azindikira yekha kuti vuto si kusoka, koma kuti bulukulo likachoka ndiye kuti bambo apitadi.

Chinthucho chiyenera kuoneka bambo akadali moyo. Tiwaone akupalasa makinawo, tepi ili m'khosi, mayi akudandaula za phokoso usiku. Mukachitulutsa maliro atachitika kale, chimaoneka chongoponyeramo. Ndipo chimodzi n'chokwanira. M'zolemba zimene anzanga amandipatsa ndimapeza chipewa, nsapato, chithunzi, zonse tsamba limodzi, mpaka mtima osadziwa pogwira.

Za mvula yogwa pamanda zija zisiyeni, zinatha ntchito. Kunja kuche bwinobwino, maminibasi, makombi aja, aziitanira okwera ku Mbare Musika monga mwa masiku onse, mayi ali m'nyumba zenera lotseka.

Mukamaliza mupatse munthu wosadziwa nkhaniyo, mum'funse chikum'vuta mayiyu. Akati ndi waulesi, onjezerani mbali ya bambo ali moyo. Za miyambo monga kumeta ndi kugawa katundu wa malemu funsani akuluakulu, chifukwa zimasiyana pakati pa Achewa, Ayao ndi Ashona. Musanasindikize, mkonzi wodziwa ntchito aionenso.