Chisoni cha maliro chimasanduka matenda liti?

"Achimwene, ine ndili mu gulu loyendera anamfedwa ku mpingo kwathu ku Kawale ndiye andipatsa gawo loti ndiphunzitse anzanga kusiyanitsa chisoni chomwe aliyense amakhala nacho ndi chija chasanduka matenda. Ena akuti munthu akamalirabe patatha miyezi 6 basi wadwala. Zoona zimenezi? Ndiyambire pati?"

Ayi achemwali, kulira pakokha si matenda, olo patapita zaka. Miyezi 6 imeneyo yachokera mu buku la matenda la WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, lotchedwa ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022. Limati chisoni chokakamira, chija chasanduka matenda, sitingachitchule isanakwane miyezi 6, komanso chikhale choti chapyola zomwe chikhalidwe ndi chipembedzo cha munthuyo zimayembekezera. Buku la madotolo aku Amereka, DSM-5-TR, limati miyezi 12 kwa akulu, 6 kwa ana. Ndiye miyeziyo ikungotiuza nthawi yomwe tingayambe kufunsa, siyikutiuza kuti munthu wadwala. Ine kuno ndimakonda 12 ija, chifukwa mabanja ambiri amadikira chaka kuti amange chiliza kapena achite sadaka, ndipo mayi amene wavala zakuda chaka chonse akungotsata mwambo basi.

Pophunzitsa yambani ndi chitsanzo, chongopeka, cha amayi awiri omwe amuna awo anamwalira miyezi 14 yapitayo.

Woyamba amagulitsa tomato mu msika. Akamva nyimbo yomwe inayimbidwa pa siwa misozi imangotsika, tsiku lokumbukira imfa satuluka mnyumba, nthawi zina amawalota bambowo kapena kumva ngati amuitana. Koma mawa lake wapita kukapikula, fizi ya ana akuyisaka, akacheza ndi anzake amaseka ndithu. Chisoni chake chimabwera nkupita, ndipo masiku opuma akunka nachuluka. Ameneyu sakudwala, ndipo kulotako musakuyese misala, anamfedwa ambiri zimawachitikira.

Wachiwiri naye amalira, mwinanso pang'ono kuposa woyamba, apa mpomwe anthu amasokonezeka. Kusiyana kwake nkwakuti iye pafupifupi tsiku lililonse, kuyambira mmawa, mtima uli pa malemu, kuwafuna mopweteka ngati maliro achitika dzulo. Benchi yake ya ku msika anayisiya, zovala za bambo zili pomwe zinali ndipo salola munthu kuzigwira, msewu wodutsa kuchipatala komwe anafera amauzemba olo minibasi yozungulira ikhale yodula, kutchalitchi anasiya, akamalankhula amati ine ndinafera limodzi ndi iwo aja. Mu mawu amenewa muli zomwe DSM-5-TR imayang'ana, kumva ngati mbali ya iwe mwini inafa, kusakhulupirira kuti imfa inachitikadi, kuzemba zokumbutsa, mtima kuchita dzanzi, kuona moyo wopanda tanthauzo. Pa zizindikiro 8 zomwe bukuli limatchula pamafunika zosachepera 3, zooneka pafupifupi tsiku ndi tsiku kwa mwezi wathawu, kuphatikiza kulakalaka malemu kapena kuwaganizira kosalekeza kuja, komanso zikhale zoti zikumusautsa kwambiri kapena kumulepheretsa zintchito zake.

Ndiye anzanuwo asamafunse kuti mukuliraberabe? Azifunsa kuti sabata yathayi ndi masiku angati omwe munapezako mpumulo, nanga ndi ziti zomwe munkachita kale zomwe pano simuchita, ndipo achibale akuona bwanji poyerekeza ndi ena omwe anaferedwa pamudzipo. Koma samalani, mayi wina wasiya bizinesi chifukwa achibale a mwamuna analanda katundu ndi mpamba womwe, ameneyo vuto lake ndi lina ndipo akufunika thandizo la malamulo kaye.

Patulaninso mphindi za dipuresheni, matenda a kukhumudwa kwambiri, chifukwa zimafanana. Wa dipuresheni chilichonse chazizira ndipo amadziona wachabechabe, pomwe wa chisoni chokakamira ululu wake wazungulira munthu mmodzi yemwe anapitayo. Izi nzofunika chifukwa mapilisi a dipuresheni sachotsa kulakalaka kuja. Chomwe chaoneka kuti chimathandiza ndi uphungu wolunjika pa chisonicho, wa magawo pafupifupi 16, momwe munthu amafotokoza za imfayo mobwerezabwereza ndi kubwerera pang'onopang'ono kumalo omwe amawazemba. Ntchito imeneyo nja ophunzira bwino, gulu lanu ntchito yake nkuzindikira ndi kutumiza. Mwa anamfedwa 10, pafupifupi mmodzi ndi amene amafika pamenepa, ndipo chiopsezo chimakula imfa ikakhala yadzidzidzi, ya ngozi, yodzipha kapena ya mwana.

Chimodzi chokha sichidikira miyezi. Munthu akati ndikufuna ndiwatsatire, mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha ndiponso ngati wakonza njira, kufunsako sikumupatsa maganizowo ayi. Akavomera musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe mnyumbamo, wachibale amuperekeze tsiku lomwelo ku Bwaila kapena ku Saint John of God konkuno ku Lilongwe.