Ekala ya pa pepala ndi ekala ya pansi

"Anzanga thandizeni. Ndikugula malo ku Chadiza Rodi, pepala la mgwirizano pamwamba alemba ekala imodzi, pansi alemba 50 kwa 50 mamita, malire ati mpaka pa mtengo wa mango. Wogulitsa akuti ndi chimodzimodzi. Ndisaine?"

Amai osasaina, cholembera bwezerani m'chikwama kaye. 50 kwa 50 ndi masikweya mita 2,500, imeneyo ndi lima imodzi chabe, kota ya hekitala. Ekala ndi masikweya mita 4,047, ikakhala ya mbali zofanana ndi pafupifupi 64 kwa 64. Ndiye akukudyerani masikweya mita oposa 1,500, puloti yathunthu ya 30 kwa 50 imene mawa adzagulitsa kwa wina, inu mutalipira kale. Chimodzimodzi cha kuti?

Ine mtima ukuwawa polemba izi. Wogulitsa wanga uja anandigulitsa "maekala awiri" cha ku Msekera, pepala lotayipa bwinobwino la sitampa, pansi analemba 100 kwa 70 basi, osanena ngati ndi mamita, mayadi kapena chiyani. Ngakhale akanakhala mamita, 7,000 siikwana maekala awiri, pafunika pafupifupi 8,100. Koma iye anali kuwerenga masitepe ake, munthu wamfupi ngati uja sitepe yake mwina masentimita 80, ndiye 80 kwa 56, ekala imodzi ndi kachidutswa. Malire a kum'mawa analemba "mpaka pa mtengo wa msuku". Mtengowo anthu a makala anadula, ndipo misuku pamalopo inali itatu.

Tsiku limenelo sindidzaiwala mwandi. Fawundeshoni titakumba, njerwa zitatsitsidwa, simenti ili pansi pa tenti, anyamata ayamba kuponda matope, ndangoona mdala wina akubwera pa njinga ndi pepala m'pulasitiki. Sanakalipe ai, anangotsika, kuimika njinga pa njerwa zanga, ati "mwana wanga, chimbudzi chako ukukumba m'munda mwanga." Pepala lake nalonso likuti mpaka pa msuku, koma kuchokera mbali inayo, ndipo msuku wake unali chitsa chimene chinali pakati penipeni pa sitingi rumu yanga. Anyamata anasiya mafosholo nkukhala pa wilibala kuonerera, akazi anga akulira, ine ndikuimba foni ya wogulitsa ikungolira osayankha. Kwa a nduna anaika mapepala awiri pa mphasa, anawerenga, nkundifunsa kuti 100 ameneyu ndi 100 wa chiyani. Ndinangoti kakasi. Wogulitsa atabwera, atavala jekete yatsopano ya ndalama zanga, ati iye sanatchulepo mita, ndipo pa pepala zoonadi palibe. Munthu wopanda manyazi, Sande amakhala pa benchi ya kutsogolo ku tchalitchi! Ndi uja anatayipa pepalalo naye, anangotenga la munthu wina pa kompyuta nkusintha maina, dzina la mudzi pa peji yachiwiri linali lina, mudzi umene sindinapondeko.

Ndiye inu khalani pansi ndi pepalalo, peji ndi peji. Kukula kwa malo kulembedwe mu muyeso umodzi, mamita, ndipo mbali zonse zinayi iliyonse ndi utali wake, chifukwa minda yathu siikhala ya makona oongoka, kutsogolo 50 kumbuyo mupeza 38. Mbali ziwiri zoyang'anizana zikasiyana muziphatikize nkugawa pawiri, kenako muchulukitse utali ndi mulifupi nokha pa foni muone ngati zikuyandikira nambala ya pamwamba. Mtengo, chulu, njira ya ngolo, kamtsinje, zonsezi zimasuntha kapena kutha, mtsinje wa Lutembwe womwe mvula ikachuluka umadya gombe. Alembe mabikoni, zizindikiro zokhazikika za pa makona a malo, ndi dzina la mwini munda wa mbali iliyonse, ndipo anthuwo abwere asaine ngati mboni. Onaninso kum'mawa ndi kumadzulo ngati sanatembenuze. Ngati malowo ali ndi taitolo, nambala ya puloti pa mgwirizano ifanane chilembo ndi chilembo ndi ya pa taitolo ndi pa dayagiramu ya saveya, ndipo kukula mukopere kuchokera pa dayagiramuyo osati m'kamwa mwa wogulitsa. Ngati ndi malo a mfumu palibe dayagiramu, ndiye tepi ndi kalata ya mfumu, osati ya nduna yokha. Akakonza asafute ndi bolopeni, atayipenso, nonse musaine peji iliyonse.

Koma kunena zoona pepala lokha musalikhulupirire kwambiri, pitani mukayeze malowo ndi tepi pamodzi ndi mwini wake. Ndipo ngati mtengo wake ndi wabwino ndipo pepala lakonzedwa, muuzeni wogulitsa achotseko ndalama ya gawo losowalo mulipire ya lima.